Foni Yomwe Mabwana Amazemba Kuimba

Pafupifupi intavyu iliyonse m'dziko muno imatha ndi mawu amodzimodzi: "Zikomo kwambiri chifukwa chobwera, tidzakuimbirani." Mwa anthu asanu omwe amva mawuwa tsiku limenelo, mmodzi yekha ndiye amaimbiridwadi. Anayi enawo amatsala akusuzumira foni. Magetsi akazima amathamangira kwa mnansi wa sola kukatchaja, kumudzi komwe netiweki imavuta amapitako mtima uli m'mwamba, mpaka tsiku lina adzamve kwa mnzawo kuti pampando paja munthu wakhalapo kale mwezi wathunthu.

Olemba ntchito ambiri sachita izi chifukwa cha nkhanza ayi. Chimawagwira ndi manyazi. Akuluakulu adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ambirife tinaleredwa kuti munthu sumukana pamaso, umazungulira mpaka azindikire yekha. Pamudzi nzeru imeneyi imayenda, chifukwa mwini nsalu amaiona ili m'madzi n'kudziwa kuti wakanidwa. Koma wofunsira ntchito amene wabwerera kwawo ku Balaka saona kanthu. Ofesi ikakhala chete, mwina ndiye kuti amukana, komanso mwina bwana wamkulu sanasayine, mwinanso bodi sinakumane. Ndiye amadikira, ndipo kudikirako kumamudyera zinthu. Amakana ganyu ya miyezi iwiri poopa kuti angaitanidwe ili pakati, amazengereza kulembera kwina, ndipo amene anamubwereka ndalama ya basi amamuuza kuti apirire pang'ono, zinthu zili pafupi.

Tisaiwale kuti munthu amafika pa intavyu atalipira kale zambiri: fotokope ya masatifiketi, thiransipoti, pogona kwa achibale, mwinanso jekete yobwereka. Amene akukumbukira zomwe zinachitika ku Mzuzu mu Juni 2020, pamene anthu ambiri anavulala pokankhana kuti alowe nawo intavyu ya ntchito za umoyo, akudziwa kulemera kwa mpata umodzi wa ntchito kuno kwathu.

Apa ndisiyanitse magulu awiri. Pali anthu mazanamazana omwe anangotumiza makalata. Kwa amenewa, mzere uja umalembedwa kumapeto kwa chidziwitso cha ntchito m'nyuzipepala, wonena kuti okhawo osankhidwa ndiwo adzayankhidwe, ndi wokwanira, makamaka ukatchula tsiku lomwe munthu angadziwire kuti zake zakanika. Koma amene munamuitana, n'kukwera basi, n'kukhala pamaso panu mukumupanikiza ndi mafunso, ameneyo muli naye ngongole ya yankho. Nkhani ino ndi ya iyeyo.

Tiyerekeze ndi sukulu ina ya sekondale yomwe si ya boma, ku Dedza, imene ikufuna kalaliki wowerengera ndalama. Aitana anthu asanu Lachiwiri. Ofunsa mafunso ndi atatu: mphunzitsi wamkulu, msungichuma wa bodi ndi mkulu woyang'anira ofesi. Kupatula mafunso apakamwa, aliyense wapatsidwa ntchito yochita pakompyuta: kuyanjanitsa buku la ndalama la sukulu ndi sitetimenti ya kubanki, komanso kukonza malipiro a antchito khumi, kuchotsa msonkho ndi ndalama za penshoni. Pomaliza malikisi aima chonchi, pa 100: woyamba 82, wachiwiri 78, wachitatu 66, wachinayi 55, wachisanu 49. Ofunsawo anagwirizana asanayambe kuti wosafika 60 sangalembedwe. Wachiwiri uja ndi mayi wochokera ku Balaka, amene anayankha bwino kuposa onse pakamwa koma sanamalize ntchito ya malipiro nthawi isanathe.

Funso loyamba si lakuti tinena chiyani, koma tinena liti. Anthu asanuwa sauzidwa tsiku limodzi. Wachinayi ndi wachisanu sangalembedwe ngakhale atatu oyambawo atakana, choncho palibe chowasungira. Angathe kumva sabata yomweyo, bodi ikangovomereza zotsatira. Wachiwiri ndi wachitatu ndi nkhani ina. Wopambana uja angathe kukana malipiro, kumene akugwira angamukwezere ndalama kuti asachoke, kapena amene anamutchula kuti amuchitire umboni angaulule zina zosayembekezeka. Mukafulumira kuuza mayi wa ku Balaka kuti zakanika, kenaka Lolemba n'kumuimbiranso kuti abwere, adzabwera, koma akudziwa kuti mwamutola chifukwa chosowa. Ndiye dikirani mpaka wopambanayo atasayina kalata yovomera ntchito. Akangosayina, imbani tsiku lomwelo kapena mawa lake, nkhani isanayambe kuyenda yokha. Pasukulu, pachipatala, ngakhale pakampani yayikulu, mlonda ndi dalaivala amadziwa amene watengedwa kalata isanatayipidwe.

Zonsezi zimapepuka ngati pa tsiku la intavyu munatchula tsiku lenileni, monga kunena kuti pofika Lachisanu la sabata ya mawa aliyense adzakhala atamva, kaya wapambana kaya ayi. Tsikulo likafika zinthu zisanathe, uthenga wa mizere iwiri ndi wokwanira: sitinamalize, tidzakudziwitsani pofika tsiku lakuti. Munthu amapirira kuchedwa akadziwa kuti sanaiwalike.

Woimba akhale mmodzi mwa atatu aja omwe anafunsa mafunso. Kutuma mlembi kapena mesenjala n'kumusenzetsa katundu wa eni, chifukwa akafunsidwa kuti chinalakwika n'chiyani alibe choyankha koma "sindikudziwa, angondituma". Imbani masana a tsiku la ntchito, osati usiku munthu ali pamphasa ndi ana. Ndipo kumbukirani kuti foni zambiri kuno n'zapabanja. Akayankha mwamuna wake, mlongo wake kapena mwana, musasiye uthenga wa zotsatira. Mwina mayiyo sanauze aliyense kuti anakayesa mwayi ku Dedza. Ingonenani dzina lanu ndi nthawi yomwe muimbenso.

Mawu ake enieni

Msampha woyamba uli pa moni. Mwambo wathu umafuna kuti tifunsane za moyo, za kunyumba, za mvula, ndipo n'zabwino. Koma munthu akaona nambala ya kuofesi ija, mtima wake wayamba kale kuthamanga, ndipo moni akamatalika, akumasekedwa, iye amayamba kukhulupirira kuti nkhani ndi yabwino. Mukadzafika pa "koma", mwamukweza pamwamba kuti agwe bwino. Moni akhalepo, waulemu, koma wamfupi. Kukambiranako kungayende motere:

"Ndikulankhula ndi Mayi Uje? Ndine mkulu woyang'anira ofesi kusukulu kuja munabwera ku intavyu Lachiwiri lapitalo. Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu bwana?"

"Ndaswera, zikomo. Ndaimba kuti ndikuuzeni zotsatira. Muli poti tingalankhule?"

"Eya, lankhulani."

"Mayi, uthenga wanga si womwe mumayembekezera. Ntchito ija sitinakutengeni. Tapatsa munthu wina ndipo wavomera. Pepani, ndikudziwa kuti munavutika kuchokera ku Balaka, n'chifukwa chake ndati ndikuuzeni ndekha."

Funso loti "muli poti tingalankhule?" si lamwambo chabe. Mwina ali m'minibasi, mwina ali kuntchito komwe akugwira panopo, bwana wake ali pambali. Ndipo taonani kuti mawu akuti "sitinakutengeni" abwera msanga, osavekedwa kanthu. Ambiri amawathawa mawu amenewa n'kunena zinthu ngati "zinthu sizinayende monga tinkaganizira", "pakadali pano tinene kuti tidikire kaye", kapena "tikuonabe mmene tingachitire". Wonenayo amaona ngati wakana, womverayo amamva kuti khomo likadali lotsegula. Pali njira yosavuta yodziwira ngati uthenga wafika. Munthu akayankha kuti "ndiye ndidikire mpaka liti?" kapena "ndidzaimbenso liti kuti ndimve?", dziwani kuti simunamuuze. Bwerezani mofatsa, m'mawu osazungulira: malo aja adzadza, nkhani ya ntchito imeneyi yatha.

Mukanena, khalani chete pang'ono. Apa ndi pomwe woimba amavutika kwambiri, ndipo pofuna kudzaza mpatawo amayamba kulankhula zomwe sanakonzeke: malonjezo, zifukwa zopeka, miseche ya m'chipinda cha intavyu. Mulekeni munthu apume. Ena amangoti "chabwino, zikomo pondiuza" n'kufuna kudula, ndipo ndi ufulu wawo. Musawakakamize kumva ndemanga zomwe sanapemphe. Auzeni chabe kuti ngati angadzafune kumva pomwe panachepa, angathe kuimba tsiku lina.

Akafunsa chifukwa, yankho lili pa pepala la malikisi, osati m'mutu mwanu. N'chifukwa chake pepalalo liyenera kukhala patsogolo panu musanaimbe. Kwa mayi wa ku Balaka, chilungamo chake n'chakuti: "Pa mafunso apakamwa munachita bwino kwambiri, makamaka pofotokoza mmene mungalondolere fizi yomwe makolo sanamalize kulipira. Pomwe panasiyanitsa ndi pa ntchito ya pakompyuta ija. Buku ndi sitetimenti munayanjanitsa molondola, koma malipiro simunamalize, ndipo penshoni simunachotse. Ntchito ino malipiro ndi a mwezi ndi mwezi, ndiye gawo limenelo linali ndi malikisi ambiri." Yankho lotere munthu angathe kupita nalo kunyumba n'kuligwiritsa ntchito; akudziwa choti akayeserere pa Excel intavyu ina isanafike. Yerekezani ndi yankho lija timalikonda, loti "munachita bwino kwambiri, kungoti mpikisano unali waukulu". Limamveka lokoma koma mulibe kanthu, ndipo limasiya munthu akudzifunsa kuti, ngati ndinachita bwino chotere, anandikaniranji? Yankho lomwe amadzipatsa yekha nthawi zambiri ndi lakuti panayenda ziphuphu kapena chibale.

Mfundo imodzi kapena ziwiri zakwana. Wa malikisi 49 uja safunika kuwerengeredwa zolakwa zake zonse. Muuzeni chachikulu chimodzi chomwe angakonze. Ndipo kambani za iye yekha. Dzina la wopambana, malikisi ake, komwe amachokera ndi malipiro omwe mwagwirizana si zoti zituluke pakamwa panu.

Pali mawu ena omwe amanenedwa ndi mtima wabwino koma amawononga. Oyamba ndi akuti "ine ndimafuna inuyo, koma anzangawa ndi omwe anakana". Woimba amafuna kudzichotsa m'gulu kuti aoneke wabwino, koma wauza munthu kuti chigamulo sichinali cholungama, ndipo wapereka anzake. Ngati munasayina nawo pepala la zotsatira, chigamulocho n'chanunso. Ena ndi akuti "tikusungirani mapepala anu, pakapezeka mpata tidzakuitanani". Kwa mayi wa malikisi 78, izi zingakhale zoona, ndipo ngati bodi yagwirizanadi kuti akhale woyamba kuitanidwa wopambanayo akachoka m'miyezi yoyeserera, muuzeni momveka, mutchule kuti ndi kwa miyezi ingati, ndiponso kuti asaleke kufunafuna kwina. Koma kunena zomwezo kwa wa 49 ndi bodza, ndipo bodza lake limamubwezera pa foni paja kukadikiranso. Nawo mawu achitonthozo achipembedzo, oti nthawi ya Mulungu sinakwane, ndimaona kuti ndi bwino atuluke pakamwa pa wokanidwayo. Iye akanena, vomerezani. Koma inu amene munagwira cholembera popereka malikisi, musakankhire kumwamba chigamulo chomwe munapanga nokha.

Pomwe pakamwa pangakufikitseni ku khoti

Mawu oopsa kwambiri ndi aja amatuluka bwana akafuna kufewetsa nkhani ndi chifukwa chosakhudza luso la munthu. "Mukudziwa mayi, kumapeto kwa mwezi timaweruka usiku, ndiye tinaona kuti ndi mwana wamng'ono uja mungavutike." Kapena, "makolo a kuno amamasuka ndi munthu wa konkuno." Wonenayo amaganiza kuti akuteteza mtima wa munthu pomuonetsa kuti vuto si nzeru zake. Koma gawo 5 la lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala wantchito, ngakhalenso munthu amene akungofunsira kumene ntchito, chifukwa cha zinthu monga mtundu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja. Kuphwanya gawo limeneli ndi mlandu, ndipo wodandaula angathe kupita ku leba kapena ku khoti loona milandu ya za ntchito.

Ndiye apa pali mbali ziwiri. Ngati mwana wamng'onoyo si chifukwa chenicheni, mwadzipachika ndi bodza lanu lomwe. Ngati ndi chifukwa chenicheni, vuto silili pa kayankhulidwe ka pa foni ayi, lili pa chigamulo, ndipo chofunika si kupeza mawu obisira koma kubwerera kukaunikanso malikisi. Kwa olemba ntchito m'boma ndi m'mabungwe ake pali chinanso: gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu wake kapena zomwe amayembekezera moyenera, ndipo ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu omwe akuona kuti sanachitiridwe chilungamo. Ofesi yomwe inasunga bwino mapepala a malikisi siopa funso lotere.

Si onse amalandira uthengawu mwakachetechete. Wina amapsa mtima: "Munali naye kale munthu wanu, ife munangotiitanira kuphimba anthu m'maso." Musakangane naye, ndipo musakhumudwe msanga, chifukwa zimene akunenazo zimachitikadi m'malo ena ndipo mwina zinamuchitikirapo. Muuzeni modekha mmene munasankhira: ofunsa anali atatu, mafunso anali amodzimodzi kwa onse, aliyense anapereka malikisi payekha. Ngati sakukhutira, muuzeni komwe angalembere dandaulo. Wina amadandaulira: "Bwana ndithandizeni, ngakhale ya ukilina ndigwira, ana kunyumba kulibe chakudya." Uyu ndi wovuta kuposa wokalipa, chifukwa mtima umafuna kumulonjeza kenakake. Mverani, musamudule, koma musalonjeze chomwe mulibe. "Ndamva, bambo, ndipo zikundikhudza. Koma ndikakuuzani kuti pali malo ena ndikhala ndikukunamizani." Ndipo wina amatsitsa mawu n'kufunsa ngati angakuoneni kumbali. Yankho lake ndi lalifupi: nkhaniyi inatha, ndipo sinali yoonerana kumbali. Kuseka kapena kuyankha mozungulira pamenepa kumamveka ngati mukutchula mtengo.

Foni ikatha, tsatizani ndi uthenga wolembedwa tsiku lomwelo, pa imelo kapena pa foni pomwepo, chifukwa munthu wodzidzimuka samva zonse. Usatalike:

"Okondedwa Mayi Uje, monga takambirana pa foni lero, tikukudziwitsani kuti simunasankhidwe pa ntchito ya kalaliki wowerengera ndalama yomwe munachitira intavyu Lachiwiri lapitalo. Malowa apatsidwa kwa munthu wina. Tikuthokoza chifukwa cha nthawi yanu ndi ulendo womwe munayenda. Ngati mungafune kumva zambiri za mmene munachitira, imbani ku ofesi yathu pa nthawi ya ntchito."

Ngati mwaimba kangapo osamupeza, uthenga womwewu utumizidwe ndithu, mutangochotsa mawu onena za foni. Kulephera kumupeza si chifukwa chomusiyira m'malere. Aliyense alandire wakewake. Imelo imodzi yotumizidwa kwa onse anayi, mayina awo akuonekera pamwamba, kapena gulu la WhatsApp lotsegulidwa kuti ntchito ichepe, zimaulula kwa anthu osadziwana kuti uje akufuna kuchoka komwe akugwira. Ndipo yang'anani dzina kawiri musanatumize; kalata yokana yolembedwa dzina la munthu wina imapweteka kuposa kukanidwa kwenikweniko. Ngati munalonjeza kubweza ndalama ya thiransipoti, kapena munatsala ndi masatifiketi enieni a munthu, malizani zimenezo sabata yomweyo. Wokanidwa asachite kuyenderanso ndalama yake ya basi.

Pali munthu mmodzi amene foni simuyenera. Tiyerekeze kuti wachitatu uja, wa malikisi 66, ndi wantchito wa pasukulu pomwepo, amene wakhala akugwirizira mpandowo chichokereni kalaliki wakale. Uyu mawa mukumana naye pakhonde, ndipo mwina ndi iye amene adzaonetse mlendoyo makiyi ndi mabuku. Muitanireni mu ofesi, mutseke chitseko, mumuuze pamaso ena onse asanamve, ndipo chidziwitso chisapachikidwe pa bolodi iye asanadziwe. Mawu ake ndi omwe aja, achindunji, koma apa pamafunika nthawi yochulukirapo, chifukwa funso lake ndi lolemera: ngati ndimakwanitsa miyezi yonseyi, lero ndalephera pati? Muyankheni kuchokera pa malikisi, muvomereze ntchito yomwe wagwira, ndipo mumuuze zenizeni za mawa lake: abwerera pa udindo uti, ndalama yogwirizira isiya liti, ndipo sukulu ingamuthandize bwanji pa zomwe zinachepa. Musadabwe akayamba kulembera kwina. Chomwe mungapewe n'chakuti achoke akuuza aliyense kuti anamva kwa mlonda.

Zonsezi si za makampani okhala ndi ofesi yoona za antchito okha. Mayi amene wayesa atsikana atatu kuti apeze wothandiza pakhomo, mwini golosale amene akufuna wogulitsa, komiti ya mpingo yomwe ikufuna mlonda, onsewa ali ndi anthu omwe anawaona pamaso n'kuwauza kuti adikire. Kwa iwo nkhani imavutirapo chifukwa wokanidwayo kawirikawiri anabwera kudzera mwa mlamu, mnansi kapena mkulu wa mpingo. Ulemu umafuna kuti mkhalapakatiyo amvenso, koma ayambe kumva mwiniwake, ndipo zifukwa zikhale pakati pa inu ndi iye.

Ngati mu kabati ya ofesi yanu muli mapepala a anthu omwe munawafunsa mafunso mwezi watha ndipo sanamve kanthu mpaka lero, atulutseni mawa m'mawa muwaimbire. Muyambe ndi kupepesa chifukwa chochedwa, kenaka muwauze.